Adiresi ya IP ndi Masiki ya Sabuneti: Mafunso Obwereza ndi Mayankho Ake

Chipangizo chilichonse cholumikizidwa pa netiweki, kaya ndi kompyuta, foni, pulinta kapena kamera ya chitetezo, chimakhala ndi nambala yoti uthenga uzichipezera. Nambala imeneyi ndi adiresi ya IP. Mtundu wake umene ukugwirabe ntchito m'maofesi ndi m'masukulu ambiri ndi IPv4, umene malamulo ake analembedwa mu 1981 m'chikalata chotchedwa RFC 791. Adiresi yotere imaoneka chonchi: 192.168.10.77. Koma nambalayi siiyenda yokha. Pambali pake pamakhala inzake, masiki ya sabuneti, monga 255.255.255.192, ndipo adiresi yopanda masiki siingauze munthu kuti chipangizocho chili mu netiweki iti.

Chifukwa chake n'chakuti adiresi ili ndi mbali ziwiri. Mbali ya kumanzere imatchula netiweki, ya kumanja imatchula chipangizo cha mu netiwekiyo. Ndi mmenenso nambala za foni zilili ku Malawi: munthu akamva 088 kapena 099 amadziwa kampani yake, ndipo manambala otsatirawo ndi a mwini foni. Kusiyana kwake n'kwakuti pa foni malire a mbali ziwirizi sasuntha, pamene pa adiresi ya IP amasuntha, ndipo chimene chimanena pamene malirewo ali ndi masiki.

Mayeso a satifiketi za ntchito ya netiweki, monga CompTIA Network+ ndi CCNA ya kampani ya Cisco, amafunsa nkhani imeneyi mobwerezabwereza, ndipo nthawi yowerengera imakhala yochepa. Mafunso ali m'munsiwa ndi a mtundu umenewo. Asanjidwa moti yankho la lina limatsegula njira ya lotsatira, choncho wophunzira amapindula akayamba wayesa yekha funso lililonse papepala asanaone yankho.

Funso 1. Mwa maadiresi awa, ndi iti imene siingakhalepo: 10.0.0.1, 172.20.5.254 kapena 192.168.1.256?

Yankho ndi 192.168.1.256. Kompyuta siisunga adiresi m'manambala amene anthu amawerenga. Imaisunga ngati mzere wa ma 1 ndi ma 0 okwana 32, ndipo aliyense mwa amenewa amatchedwa biti. Mabiti 32 amagawidwa m'zigawo zinayi za mabiti 8, zolekanitsidwa ndi kadontho. M'chigawo chilichonse, malo alionse ali ndi mtengo wake, kuyambira kumanzere: 128, 64, 32, 16, 8, 4, 2, 1. Pamene pali 1 mtengowo umawerengedwa, pamene pali 0 umasiyidwa. Mwachitsanzo, 10101100 ndi 128 kuphatikiza 32, 8 ndi 4, zimene zikupanga 172. Malo onse asanu ndi atatu akakhala 1, nambala imafika 255, ndipo palibenso poikwezera. N'chifukwa chake 256 siingalowe m'chigawo chilichonse cha adiresi.

Mzere wa mitengo isanu ndi itatuwu ndi woyenera kuuloweza pamtima. Ophunzira ambiri amaulemba pamwamba pa pepala lowerengera mayeso akangoyamba, ndipo mafunso onse otsatirawa akudalira mzere umenewu.

Funso 2. Mwa masiki izi, ndi ziti zolondola: 255.255.255.192, 255.255.240.0, 255.255.255.100 ndi 255.0.255.0? Nanga /26 ikutanthauza masiki iti?

Zolondola ndi ziwiri zoyambirira. Masiki nayonso ili ndi mabiti 32, koma ili ndi lamulo lake: ma 1 onse amandondozana kuyambira kumanzere, ndipo akangotha, otsala onse ndi ma 0. Malo amene pali 1 ndi a netiweki, amene pali 0 ndi a zipangizo. Popeza ma 1 sangadumphane, chigawo cha masiki chingakhale ndi nambala zisanu ndi zinayi zokha: 0, 128, 192, 224, 240, 248, 252, 254 ndi 255. Iliyonse imapezeka poonjezera mtengo wotsatira pa inzake: 128 kuphatikiza 64 ndi 192, kuphatikizanso 32 ndi 224, mpaka kufika 255. Nambala 100 palibepo pa mndandandawu, chifukwa m'mabiti ndi 01100100, ma 1 ake ndi omwazikana. Nayo 255.0.255.0 yalephera chifukwa ma 1 abwereranso pambuyo pa ma 0.

Kulemba kwa /26 ndi njira yachidule yonenera kuti masiki ili ndi ma 1 okwana 26. Zigawo zitatu zodzaza zikutenga mabiti 24, ndipo 2 otsalawo agwera m'chigawo chachinayi: 11000000, imene ndi 192. Choncho /26 ndi 255.255.255.192. Momwemonso /24 ndi 255.255.255.0, ndipo /20 ndi zigawo ziwiri zodzaza ndi mabiti 4 m'chigawo chachitatu, ndiye kuti 255.255.240.0.

Kalembedwe ka kamzere kopendekeka kameneka kanabwera ndi njira yotchedwa CIDR mu 1993. Isanabwere, maadiresi ankagawidwa m'magulu okhazikika: gulu A, loyamba ndi 1 mpaka 126, linali ndi masiki ya /8, gulu B, 128 mpaka 191, linali ndi /16, gulu C, 192 mpaka 223, linali ndi /24. Mayeso amafunsabe magulu amenewa, motero ndi oyenera kuwadziwa, koma amasocheretsa wophunzira amene akaona adiresi yoyamba ndi 192 amangoganiza kuti masiki ndi /24 asanawerenge imene yalembedwa m'funso.

Funso 3. Kodi sabuneti ya /26 ingalandire zipangizo zingati? Nanga ya /24 ndi ya /30?

Sabuneti ndi kachigawo ka netiweki yaikulu, kodulidwa posunthira malire a masiki kumanja. Mu /26, mabiti otsalira zipangizo ndi 32 kuchotsapo 26, ndiye kuti 6. Biti imodzi imapereka maadiresi 2, ndipo biti iliyonse yoonjezera imawirikiza chiwerengerocho: 2, 4, 8, 16, 32, 64. Mabiti 6 akupereka maadiresi 64. Koma awiri mwa amenewa sapatsidwa kwa chipangizo. Yoyamba, imene mabiti onse a zipangizo ndi 0, ndi dzina la netiwekiyo. Yomaliza, imene mabiti onsewo ndi 1, ndi ya bulodikasiti, yotumizira uthenga kwa zipangizo zonse za mu sabunetiyo nthawi imodzi. Zotsala ndi 62. M'mabuku lamuloli limalembedwa 2^h − 2, pamene h ndi chiwerengero cha mabiti a zipangizo.

Ya /24 ili ndi mabiti 8, maadiresi 256, zipangizo 254. Ya /30 ili ndi mabiti 2, maadiresi 4, zipangizo 2 zokha, ndipo n'chifukwa chake imaikidwa pa chingwe cholumikiza marauta awiri. Pali njira ina, yovomerezedwa mu 2000, yogwiritsa ntchito /31 pa chingwe chotere popanda kutaya adiresi iliyonse, ndipo pamenepo lamulo lochotsa 2 limapumula.

Apa ambiri amaluza malikisi chifukwa chosawerenga bwino funso. Funso lofunsa kuchuluka kwa maadiresi yankho lake ndi 64. Lofunsa kuchuluka kwa zipangizo yankho lake ndi 62. Olemba mayeso amaika manambala onse awiri pa mayankho osankhapo.

Funso 4. Kompyuta ili ndi adiresi 192.168.10.77/26. Kodi adiresi ya netiweki yake ndi iti, ya bulodikasiti ndi iti, ndipo zipangizo zingapatsidwe kuyambira pati kulekeza pati?

Ili ndiye funso lalikulu pa mutu wonsewu, ndipo lili ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi imene kompyuta imatsata. Zigawo zitatu zoyambirira, pamene masiki ndi 255, sizisintha. Ntchito ili m'chigawo chachinayi, pamene 77 ndi 192 zimalembedwa m'mabiti, ina pamwamba pa inzake, ndipo 1 amatsika pokhapokha pamene mizere yonse iwiri ili ndi 1:

```
77   = 01001101
192  = 11000000
AND  = 01000000  = 64
```

Netiweki ndi 192.168.10.64. Njira imeneyi siinama, ndipo wophunzira ayenera kuichita kangapo kuti aone ndi maso ake chimene masiki imachita. Koma ndi yochedwa, ndipo m'chipinda cha mayeso n'kosavuta kulakwitsa biti imodzi.

Njira yachiwiri ndi yowerengera midadada. Munthu amafufuza chigawo cha masiki chimene si 255 komanso si 0, n'kuchotsa nambala yake pa 256. Pano 256 kuchotsapo 192 ndi 64. Izi zikutanthauza kuti maadiresi adulidwa m'midadada ya 64, ndipo midadadayo imayambira pa 0, 64, 128 ndi 192. Chotsala n'kuona pamene 77 yagwera. Yapitirira 64 koma siinafike 128, choncho ili mu mdadada woyambira pa 64. Adiresi ya bulodikasiti ndi imene ili kumapeto kwenikweni kwa mdadadawo, mdadada wotsatira usanayambe: 128 kuchotsapo 1, ndiye kuti 192.168.10.127. Zipangizo zimatenga zonse za pakati, kuyambira 192.168.10.65 kulekeza 192.168.10.126. Akaziwerenga ndi 62, zogwirizana ndi yankho la funso lachitatu, ndipo kugwirizana kotereku ndi njira yabwino yodzichongera.

Mphamvu ya masiki imaoneka bwino munthu akasiya adiresi momwe ilili n'kusintha masiki yokha. Ndi /24, kompyuta yomweyo ya .77 ili mu netiweki 192.168.10.0 pamodzi ndi zipangizo zonse mpaka .254. Ndi /27 masiki imathera ndi 224, midadada ndi ya 32, ndipo .77 ili pakati pa 64 ndi 95. Ndi /28 midadada ndi ya 16, ndipo ili pakati pa 64 ndi 79. Ndi /29 midadada ndi ya 8, ndipo netiweki yake yasamukira pa 72, bulodikasiti ikhala 79. Adiresi siinasinthe m'pang'ono pomwe, koma zipangizo zimene ingalankhule nazo mwachindunji zachoka pa 253 kufika pa 5.

Cholakwa chofala pano ndi kuphatikiza 64 ndi 64 n'kulemba 128 ngati bulodikasiti. Nambala 128 ndi chiyambi cha sabuneti ina. Pali kachizindikiro kothandiza kugwira cholakwa chimenechi: m'masabuneti onse a m'mafunso ano, adiresi ya netiweki imathera ndi nambala yogawika ndi 2, ndipo ya bulodikasiti imathera ndi nambala yosagawika ndi 2.

Funso 5. Adiresi ndi 172.16.45.200/20. Kodi netiweki ndi bulodikasiti ndi ziti? Nanga 172.16.40.255 ingapatsidwe kwa kompyuta?

Masiki ya /20 ndi 255.255.240.0, motero malire agwera m'chigawo chachitatu, ndipo kuwerengera kukuchitikira kumeneko. Nambala 200 ya kumapeto ilibe ntchito pofufuza netiweki. Yangoikidwa kuti ikope maso. Kuchotsa 240 pa 256 kukupereka 16, choncho midadada ya m'chigawo chachitatu imayambira pa 0, 16, 32, 48, n'kumapitirira. Nambala 45 ili pakati pa 32 ndi 48. Netiweki ndi 172.16.32.0, chigawo chachinayi chikhala 0 chifukwa mabiti ake onse ndi a zipangizo. Mdadada wotsatira ukuyambira pa 172.16.48.0, ndipo adiresi imene ili pambuyo pake penipeni ndi 172.16.47.255, imene ndi bulodikasiti. Mabiti a zipangizo ndi 12, maadiresi 4,096, zipangizo 4,094, kuyambira 172.16.32.1 kulekeza 172.16.47.254.

Gawo lachiwiri la funsoli ndi msampha. Amene anazolowera /24 amakhulupirira kuti adiresi iliyonse yothera ndi 255 ndi bulodikasiti ndipo yothera ndi 0 ndi netiweki. Koma bulodikasiti ndi adiresi imene mabiti onse a zipangizo ndi 1, ndipo pano mabitiwo ndi 12: anayi a m'chigawo chachitatu ndi asanu ndi atatu a m'chachinayi. Nambala 40 m'mabiti ndi 00101000, ndipo anayi ake omaliza, 1000, si ma 1 okhaokha. Choncho 172.16.40.255 ndi adiresi wamba ya pakati pa mdadada, ndipo kompyuta ingapatsidwe. Chimodzimodzinso 172.16.33.0. Amisiri ena amapewa kupereka maadiresi otere poopa kusokoneza anzawo amene adzawerenge pambuyo pake, koma kumeneko n'kusankha chabe, lamulo silikuletsa.

Funso 6. Mwa awa, ndi ati amene ali maadiresi a m'kati, osayenda pa intaneti: 10.200.1.1, 172.31.9.9, 172.32.0.1 ndi 192.169.0.5?

A m'kati ndi awiri oyambirira. Mabiti 32 amapereka maadiresi pafupifupi 4.3 biliyoni, ndipo zinaoneka kale kuti sangakwanire dziko lonse. Mu 1996 chikalata cha RFC 1918 chinapatula midadada itatu yoti bungwe lililonse ligwiritse ntchito m'kati mwake popanda kupempha: 10.0.0.0/8, 172.16.0.0/12 ndi 192.168.0.0/16. Ofesi ya ku Lilongwe ndi ina ya ku Lusaka zikhoza kukhala ndi 192.168.1.10 zonse ziwiri popanda kulimbana, chifukwa uthenga ukamatuluka, rauta imasintha adiresiyo n'kuikapo ya poyera, njira imene imatchedwa NAT. Maadiresi a poyera a mu Africa amagawidwa ndi bungwe la AFRINIC, limene likulu lake lili ku Mauritius.

Mdadada wa pakatiwo ndi umene umagwetsa anthu. Masiki ya /12 ndi 255.240.0.0, midadada ndi ya 16 m'chigawo chachiwiri, choncho umayambira pa 172.16 n'kulekeza pa 172.31. Adiresi 172.32.0.1 yatuluka kunja, ndipo 192.169.0.5 yaphonya ndi nambala imodzi.

Funso 7. Netiweki ya ofesi ndi 192.168.1.0/24, rauta ili pa 192.168.1.1, seva pa 192.168.1.20, pulinta pa 192.168.1.200. Kompyuta ina ikusindikiza bwinobwino koma siikufika ku seva kapena pa intaneti. Lamulo la `ipconfig` likuonetsa zili m'munsizi. Chavuta n'chiyani?

```
IPv4 Address. . . . : 192.168.1.130
Subnet Mask . . . . : 255.255.255.128
Default Gateway . . : 192.168.1.1
```

Chavuta ndi masiki. Kompyuta isanatumize uthenga uliwonse, imayamba yaika masiki yake pa adiresi yake komanso pa adiresi ya kumene uthengawo ukupita. Zotsatira zikafanana, imadziwa kuti mnzakeyo ali mu sabuneti yomweyo ndipo imamutumizira mwachindunji kudzera pa swichi. Zikasiyana, imapereka uthengawo ku geti lotulukira, limene ndi adiresi ya rauta, yolembedwa pa mzere wachitatuwo. Kuti zimenezi ziyende, getilo liyenera kukhala mu sabuneti imodzi ndi kompyutayo.

Masiki ya 255.255.255.128 ndi /25, midadada ya 128: woyamba 0 mpaka 127, wachiwiri 128 mpaka 255. Kompyuta ya .130 ikudziona ili mu mdadada wachiwiri. Pulinta ya .200 ili momwemo, n'chifukwa chake kusindikiza kukutheka. Seva ya .20 ikuoneka ngati ili ku netiweki ina, choncho kompyutayo ikufuna kudzera pa geti, koma geti la .1 nalonso lili mu mdadada woyamba, kunja kwa malire amene masiki yaika. Chingwe n'chabwino, swichi ndi yabwino, rauta ikugwira ntchito. Munthu wina polemba pamanja anaika 128 pamalo pa 0. Kukonza kwake n'kubwezera masiki pa 255.255.255.0.

Pa ntchito yeniyeni zizindikiro sizikhala zoyera chonchi nthawi zonse. Windows imachenjeza munthu akamalemba geti la kunja kwa sabuneti, ndipo makina ena amayesabe kulifikira, moti kulumikizana kumatheka mwa apo ndi apo. Koma kayendedwe ka vutoli kamadziwika: chingwe choduka chimatseka zonse, pamene masiki yolakwika imatseka maadiresi ena n'kusiya ena. Mmisiri akayesa `ping` ku maadiresi angapo n'kuona kuti oyankha onse ali pamwamba pa nambala ina monga 128, 64 kapena 192, ndipo osayankha ali pansi pake, ayenera kuyang'ana masiki asanakwere kudenga kukafufuza mawaya. Pa Linux zomwezi zimaoneka ndi `ip addr`, imene imalemba masiki mwachidule, monga 192.168.1.130/25.

Funso lofanana nalo limaonetsa adiresi yoyamba ndi 169.254 popanda geti lililonse. Imeneyo kompyuta imadzipatsa yokha ikapempha adiresi kwa seva ya DHCP koma osayankhidwa. Pamenepo masiki ilibe mlandu. Chofufuza ndi njira ya pakati pa kompyuta ndi sevayo, kapena ngati maadiresi ogawa atha.

Funso 8. Sukulu ya ntchito zamanja yapatsidwa 192.168.50.0/24. Chipinda cha makompyuta chikufuna maadiresi a zipangizo 100, maofesi 50, laibulale 20, ndipo pali chingwe cholumikiza marauta awiri. Mdadadawu ugawidwe bwanji?

Kugawa mofanana sikungatheke. Masabuneti anayi a /26 angapatse chigawo chilichonse malo 62, ochepera chipinda cha makompyuta, ndipo pa chingwe cha marauta malo 60 angakhale opanda ntchito. Yankho ndi kupatsa chigawo chilichonse masiki yolingana ndi kukula kwake, njira imene mabuku amaitcha VLSM, ndipo kugawa kumayambira pa chigawo chachikulu.

Zipangizo 100 sizingakwane mu mdadada wa 64, choncho zikufuna wa 128, umene ndi /25 ndipo umalandira 126. Chipinda cha makompyuta chitenga 192.168.50.0/25, zipangizo kuyambira .1 mpaka .126, bulodikasiti .127. Malo otsatira opanda mwini ndi 128. Maofesi, ndi zipangizo 50, akwana mu mdadada wa 64: 192.168.50.128/26, zipangizo .129 mpaka .190, bulodikasiti .191. Laibulale ikufuna 20. Mdadada wa 16 umalandira 14 zokha, motero ipatsidwa wa 32: 192.168.50.192/27, zipangizo .193 mpaka .222, bulodikasiti .223. Chingwe cha marauta chitenga 192.168.50.224/30, rauta ina .225, inzake .226, bulodikasiti .227.

Kuyambira pa chachikulu kuli ndi chifukwa chake. Mdadada suyambira paliponse pamene munthu wafuna. Umayambira pa nambala yogawika ndi kukula kwake. Wa 128 ungayambire pa 0 kapena pa 128 basi, wa 64 pa 0, 64, 128 kapena 192. Wophunzira amene wayamba ndi laibulale pa 0 mpaka 31 amakopeka kulemba kuti chipinda cha makompyuta chiyambire pa 32 mpaka 159. Sabuneti yotere kulibe. Akalemba 192.168.50.32/25, masiki imafufuta 32 ija n'kubwezera netiweki pa 0, ndipo chipinda cha makompyuta chimagundana ndi laibulale. Akayamba ndi chachikulu, mdadada uliwonse umathera pamene wocheperapo ungayambire bwinobwino, ndipo sipakhala mipata yotayika pakati.

Olemba mayeso amakonda manambala okhala pamalire. Chigawo chofuna zipangizo 62 chikwana mu /26, koma cha 63 chikufuna /25. Komanso rauta imadya adiresi imodzi mu sabuneti iliyonse, popeza ndiyo geti lotulukira. Ngati funso lanena makompyuta 30 ndipo rauta siinawerengedwe, maadiresi ofunika ndi 31, ndipo /27, imene imalandira 30, yachepa. Pa ntchito yeniyeni munthu amasiyanso malo a mtsogolo: maofesi a zipangizo 50 mu mdadada wolandira 62 atsala ndi malo 12 okha, amene mafoni a antchito angawamalize netiweki yopanda waya ikangoikidwa.

Pa sukulu ija patsala maadiresi 28, kuyambira 228 mpaka 255, koma sangaperekedwe ngati sabuneti imodzi, chifukwa 28 si kukula kwa mdadada uliwonse. Lamulo la poyambira lomwe lija likuwadula patatu: /30 imodzi pa 192.168.50.228, /29 imodzi pa 192.168.50.232 yolandira zipangizo 6, ndi /28 imodzi pa 192.168.50.240 yolandira zipangizo 14. Sukuluyo itafuna kutsegula chipinda china cha makompyuta 20, mu /24 imeneyi mulibenso malo ake, ndipo pangafunike mdadada wina, monga 192.168.51.0/24.